Kuuma ndi Kupweteka M'mphechepeche Mutapitirira Zaka 45: Mafunso ndi Mayankho pa Nyamakazi ya Nyung'unyu

Nyung'unyu ndi pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi fupa la chiuno. Ikayamba kuperepeseka munthu ali ndi zaka 45 kapena 55, akadali pa ntchito ndiponso ana akumudalira, mafunso ake sakhala ofanana ndi a gogo wa zaka 80. Mayankho ali m'munsimu alembedwa poganizira munthu wa msinkhu wapakatiwu.

Ine ndikumva ululu m'mphechepeche. Nanga bwanji akunena kuti vuto ndi nyung'unyu?

Chifukwa nyung'unyu ili komweko. Ambiri tikafunsidwa pamene ili timagwira m'mbali, pafupa lotukuka lija timagonera tikagona chammbali. Koma polumikizana penipeni pali mkati, kuseri kwa mpindiro umene umaoneka pakati pa mimba ndi ntchafu munthu akakhala pansi. N'chifukwa chake ululu wake umamveka m'mphechepeche, n'kumatsikira kutsogolo kwa ntchafu, nthawi zina m'thako.

Ena sadandaula za m'mphechepeche n'komwe, amangoti bondo. Mitsempha imene imanyamula ululu wa nyung'unyu imafikanso ku bondo, choncho ubongo umasokoneza malo. Alipo anthu amene amapaka mankhwala pabondo chaka chathunthu, bondolo lili bwinobwino. Dokotala wodziwa ntchito yake akamva za bondo lopweteka koma losatupa, amayesanso nyung'unyu.

Kuuma kumadziwika ndi tinthu ting'onoting'ono. Kuvala sokosi kuphazi la mbali yodwalayo kumayamba kufuna nzeru, kuwenga zikhadabo za kumapazi kumakanika, ndipo potsika galimoto mumapezeka mukunyamula ntchafu ndi dzanja. Mukakhala pampando nthawi yaitali, mapazi asanu kapena khumi oyamba mumayenda chowerama, kenako n'kumasuka.

Kodi chimene chawonongeka mkatimo n'chiyani, ndipo bwanji chabwera msanga chonchi?

Mutu wa fupa la ntchafu ndi wobulungira, ndipo umazungulira m'kadzenje ka fupa la chiuno. Mbali zonse ziwiri zakutidwa ndi chicherewecherewe chosalala, chokhuthala mamilimita ochepa chabe. Pa nyamakazi ya mtundu uwu chicherewecherewecho chimapyapyala n'kumang'ambika, fupa la pansi pake limalimba, ndipo m'mphepete mumamera timafupa tosongoka. Kathumba kamene kamakuta nyung'unyu yonse kamakhuthala n'kukungika, ndiye kuuma kuja. Chicherewecherewe pachokha chilibe mitsempha yomva ululu. Chimene chimapweteka ndi fupa, kathumbako pamene katupa, ndi minofu yozungulira imene yatopa.

Matendawa akabwera msanga, kawirikawiri pamakhala chifukwa chakale. Ena anabadwa ndi kadzenje kosaya, kosakuta bwino mutu wa fupa. Ena mutu wa fupalo si wobulungira bwinobwino, moti wakhala ukugunda m'mphepete mwa kadzenje kuyambira ali anyamata. Enanso anadwala nyung'unyu ali ana, kapena anathyoka kapena kuguluka pangozi. Ntchito yonyamula zolemera kwa zaka zambiri, kunenepa kwambiri ndi kumtundu zimathandiziranso. Ngati munkatsimphina muli mwana, muwauze adokotala ngakhale asanafunse.

Dziwaninso kuti matendawa sayenda mofanana mwa anthu onse. Ena amakhala zaka zambiri osasintha kwenikweni, ululu ukubwera n'kumapita. Ochepa amaipiraipira m'chaka chimodzi kapena ziwiri.

Ndingadziwe bwanji kuti si msana kapena matenda ena?

Madokotala amakayikira nyamakazi imeneyi munthu akakhala ndi zaka 45 kapena kuposa, ululu wake ukamabwera ndi kuyenda kapena kugwira ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa kukamatha pasanathe mphindi 30. Poyesa, amakugonekani chagada, n'kupinda mwendo pabondo ndi panyung'unyu, kenako amakankhira phazi kunja kuti ntchafu izungulire mkati. Nyung'unyu yabwino imalola kuzungulira madigiri 30 mpaka 40. Yodwala imakakamira msanga, mwina isanafike madigiri 15, ndipo mumamva ululu womwe uja m'mphechepeche. Kuzungulira kumeneku ndiko kumayamba kutayika, kupinda kusanavute.

Ululu wa msana umakonda kuyambira m'thako n'kutsika kumbuyo kwa mwendo mpaka kupitirira bondo, nthawi zambiri ndi dzanzi kapena kuyaka kuphazi. Ululu wa m'mbali, umene umakudzutsani mukagonera mbali imeneyo ndipo umawawa mukadina pafupa ndi chala, kawirikawiri umachokera m'minyewa ya minofu ya thako. Chotupa cha m'mphechepeche chimene chimatukuka mukatsokomola ndi nkhani ina, ya matumbo. Zimathekanso kukhala ndi ziwiri pakamodzi, msana ndi nyung'unyu, ndipo zikavuta kusiyanitsa dokotala amabaya mankhwala ochititsa dzanzi mkati mwa nyung'unyu. Ululu ukatha kwa maola angapo, gwero lapezeka.

Ndi zizindikiro ziti zimene sindiyenera kudikira nazo?

Kutentha thupi limodzi ndi nyung'unyu yopweteka kwambiri moti simulola munthu kuigwedeza. Kulephera kuponda mutagwa, ngakhale kugwa kwake kunali kochepa. Ululu wosatha usiku ngakhale mutagona phee, limodzi ndi kuonda kapena thukuta la usiku, makamaka ngati munadwalapo khansa kapena chifuwa chachikulu. Kuuma kwa m'mawa kopitirira ola limodzi, ndi kutupa kwa mfundo zina monga za zala.

Palinso matenda ena amene mutu wa fupa umafa chifukwa magazi asiya kufikako. Amakonda anthu amene amwa mankhwala amphamvu ochepetsa kutupa otchedwa sitelodi nthawi yaitali, omwa mowa kwambiri, odwala sikoselo, ndi ena amene ali ndi kachilombo ka edzi. Poyamba saoneka pa chithunzi wamba cha ekiselo, ndiye ngati muli m'gulu limeneli, nenani.

Chithunzi chasonyeza kuti mafupa atsala pang'ono kukhudzana. Ndiye kuti basi, opaleshoni?

Ayi. Chithunzi chimaonetsa mpata umene watsala pakati pa mafupa awiriwo, timafupa ta m'mphepete, ndi kulimba kwa fupa. Sichionetsa ululu. Alipo anthu a chithunzi choopsa amene amayenda makilomita angapo tsiku lililonse, ndipo alipo ena a chithunzi chooneka bwinoko amene sagona tulo. Opaleshoni imachitidwa pa munthu amene moyo wake waima, chithunzi chimangotsimikiza kuti gwero lake ndi nyung'unyudi. Kujambulitsa mobwerezabwereza kuti muone ngati zikuipa sikusintha chithandizo, kumangowonjezera nkhawa.

Ngati mafupa akukhulana, kodi mafizo sawonjezera kuperepesekako?

Ili ndi funso limene limagoneka anthu ambiri pampando, ndipo mpandowo ndi umene umawamaliza. Chicherewecherewe chilibe mitsempha ya magazi. Chimadya kuchokera m'madzi a mu nyung'unyu, ndipo chimachita ngati siponji: mukaponda chimafinyika, mukanyamula phazi chimayamwa madzi atsopano. Nyung'unyu imene siyenda imakhala ndi njala.

Chachiwiri ndi minofu. Munthu akamva ululu amayamba kusunga mwendowo, ndipo m'miyezi yochepa thako ndi ntchafu za mbali imeneyo zimaphwa. Minofu yofooka imalephera kugwira chiuno poyenda, phazi lililonse limagunda nyung'unyu mosatetezeka, ululu umakula, munthu n'kuchepetsanso kuyenda. Mafizo amadula mzere umenewu. Sameretsa chicherewecherewe chatsopano, ndipo amene angakulonjezeni zimenezo akukunamizani, koma amachepetsa ululu ndi kubweza mphamvu.

Phindu lake ndi lapakatikati, si lozizwitsa. Kafukufuku wina wa ku Norway, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015, anatsatira odwala a nyamakazi yosafika poipitsitsa kwa zaka 6. Amene anachita mafizo kwa milungu 12 anachedwa kufika pa opaleshoni ndi pafupifupi zaka ziwiri poyerekeza ndi amene anangolandira uphungu. Kwa munthu wa zaka 50, zaka ziwirizo si zochepa, monga tidzaonere pa nkhani ya kutha kwa chitsulo chimene amaika pa opaleshoni.

Ndichite mafizo ati kwenikweni, ndipo kangati?

Wa mafizo akakuyesani ndiye angakusankhireni bwino, koma anayi awa amapezeka pafupifupi m'ndondomeko iliyonse ndipo safuna makina.

Oyamba ndi kukhala ndi kuimirira. Tengani mpando wolimba wofika m'mawondo, pindani manja pachifuwa, imirirani mpaka kuwongoka, kenako khalani pang'onopang'ono muwerenge mpaka katatu musanafike pampando. Cholakwika chofala ndi kutsamira mwendo wabwino osadziwa. Yang'anani mapazi: akhale pamzere umodzi, ndipo mumve kulemera kofanana m'zidendene zonse ziwiri. Ngati zikukanika, ikani khushoni kuti mpando ukwere.

Achiwiri, gonani chagada, pindani mawondo mapazi ali pansi, finyani matako n'kukweza chiuno mpaka thupi liwongoke kuchokera m'mapewa kufika m'mawondo. Imani masekondi atatu, tsikani. Ngati mukumva kukokana kumbuyo kwa ntchafu kapena kupweteka msana, ndiye kuti matako sakugwira ntchito. Sendezani zidendene pafupi ndi matako ndipo musakweze kwambiri.

Achitatu ndi a minofu ya m'mbali, imene ili yofunika kwambiri pa matendawa. Imirirani mutagwira tebulo, tengerani mwendo kumbali zala za kuphazi zikuloza kutsogolo, thupi lisapendekeke. Chitani miyendo yonse iwiri. Mudzadabwa kuti mwendo umene waima ndi umene umatopa kwambiri, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Achinayi, kukwera ndi kutsika sitepe imodzi yaifupi, ya masentimita 10 mpaka 15, mutagwira khoma.

Yambani ndi maulendo 8 pa aliwonse, mupume, mubwerezenso. Chitani katatu pa mlungu, kulumpha tsiku pakati. Mukafika poti maulendo 12 katatu sakukutopetsani, onjezani kulemera: mpando wotsikirapo, chikwama cha mabuku pachifuwa, kapena lamba wa labala m'miyendo. Ambiri amalephera apa. Amachita zopepuka zomwezo miyezi isanu n'kumati mafizo sathandiza, chonsecho minofu sinapatsidwe chifukwa chokulira. Maulendo awiri omaliza azikhala ovuta.

Pa kuuma kwa kutsogolo, kugona chafufumimba mphindi zisanu kapena khumi pa tsiku kumawongola m'mphechepeche. Koma musakakamize nyung'unyu kuti izungulire kupitirira pamene yaima gwa. Pamenepo ndi fupa likugunda fupa, ndipo silitanuka. Kupalasa njinga chishalo chili chokwera, ndi kuyenda kapena kusambira m'madzi, n'zabwino masiku amene kuyenda kukuvuta.

Ndikachita mafizo ululu umawonjezeka. Ndisiye?

Gwiritsani ntchito miyeso iwiri. Woyamba, ikani ululu wanu pa sikelo ya 0 mpaka 10. Pochita mafizo ukhoza kufika pa 4 kapena 5, palibe chikuwonongeka. Wachiwiri, pofika nthawi yomweyo mawa lake ukhale utabwerera pamene unali. Ukapitirira maola 24, kapena ukakulandani tulo, mwachita mopyola. Chepetsani, musasiye.

Tiyerekeze mayi wa zaka 52, wolemera makilogalamu 80, nyung'unyu yakumanja ikumuvuta ndipo ntchito yake ndi yoimirira. Akayenda mphindi 15 ululu umafika pa 6 n'kuyamba kutsimphina. Pa masekondi 30 amakwanitsa kuimirira pampando maulendo 8. Manambala awiriwa awalembe, ndiwo adzamuuze zoona patsogolo, chifukwa mutu umaiwala mmene zinalili.

Asayambe ndi mphindi 15 zimene zimamupweteka. Ayambe ndi mphindi 10, kawiri pa tsiku, ndi mafizo anayi aja. Milungu iwiri yoyamba minofu idzawawa ndipo angaone ngati zikuipa. Tinene kuti mlungu wachitatu wamva bwino, ndipo tsiku limodzi wawonjezera mafizo kufika maulendo 12 katatu, n'kuyendanso mphindi 25. Usiku sanagone, ndipo mawa lake akukoka mwendo. Chalakwika si mafizo, koma kuwonjezera zinthu ziwiri tsiku limodzi. Apepuke masiku awiri akuyendayenda m'nyumba, abwerere pa mlingo wa mlungu wachiwiri, kenako aziwonjezera chinthu chimodzi pa mlungu: mlungu uno mphindi ziwiri za kuyenda, mlungu wamawa maulendo awiri a mafizo.

Pakatha milungu 12 adziyesenso. Ngati tsopano akuyenda mphindi 30 ndipo akuimirira maulendo 12 pa masekondi 30, njira yake ndi imeneyi, apitirize, pakuti akasiya phindulo limazimiririka m'miyezi yochepa. Ngati wachita mokhulupirika koma manambala sanasunthe ndipo usiku ukuipiraipira, ali ndi umboni wopita nawo kwa dokotala wa mafupa.

Ndodo ndiigwire dzanja liti?

Dzanja la mbali yabwino. Nyung'unyu yakumanja ikamapweteka, ndodo ikhale kumanzere. Anthu ambiri amachita zosiyana, ndipo n'zomveka, mtima umati uchirikize pamene pakupweteka.

Chifukwa chake ndi ichi. Poyenda, phazi lililonse mumaima kanthawi pa mwendo umodzi. Mukaima pa wakumanja, kulemera kwa thupi kumakhala chakumanzere kwa nyung'unyuyo, ndipo chiuno chimafuna kugwera kumanzere. Minofu ya m'mbali mwa thako lakumanja imakoka kuti chisagwe, koma poti yamangirira pafupi kwambiri ndi nyung'unyu, imayenera kukoka ndi mphamvu yaikulu. Kukoka kumeneko kuphatikiza kulemera kwanu kumapanikiza nyung'unyu ndi katundu wokwana kawiri ndi theka kapena katatu kulemera kwa thupi. Kwa mayi wa makilogalamu 80 uja, ndi makilogalamu 200 kapena kuposa pa phazi lililonse. Ndodo ya kumanzere imaponda kutali ndi nyung'unyu yodwalayo, choncho kutsamira pang'ono chabe kumagwira chiuno, minofu ija imapuma, ndipo katunduyo amatsika kwambiri. Ndodo ya kumanja ili pafupi kwambiri, ndipo imangokupendeketsani.

Pa chifukwa chomwecho, chikwama cholemera chinyamuleni mbali yodwala, osati yabwino.

Kutalika kwake yesani mutavala nsapato zanu za masiku onse, manja ali lende m'mbali. Chogwirira chifike pamzere wa pamkono, pamene timavala wotchi, kuti mukagwira chigongono chipindike pang'ono. Yaitali imakweza phewa n'kulipweteka, yaifupi imakuweramitsani. Poyenda, ndodo ndi mwendo wodwala zipitire limodzi kutsogolo, wabwino utsatire. Pa masitepe, pokwera utsogole wabwino, potsika zitsogole ndodo ndi mwendo wodwala. Muziyang'ana labala wa kunsonga. Akasalala, ndodo imaterereka pansi ponyowa.

Kodi ndodo siindizoloweretsa ulesi? Komanso ndikuoneka ngati nkhalamba.

Manyaziwo ndi enieni, ndipo munthu wa zaka 50 amawamva kuposa wa zaka 75. Koma kutsimphina kopendeka thupi kumaoneka kuposa ndodo, ndipo kumakokera msana ndi bondo m'mavuto. Amene akuyenda mphindi 30 ndi ndodo akulimbitsa mwendo kuposa amene akuyenda mphindi 10 wopanda ndodo n'kukhala pansi. Simuyenera kuigwira paliponse. Ambiri amaisiya m'nyumba n'kuitenga pa ulendo wautali, pa njira ya mabampu, kapena masiku amene nyamakazi yalusa.

Ngati nyung'unyu zonse ziwiri zikudwala, kapena ndodo imodzi ikukupweteketsani mkono chifukwa chotsamira kwambiri, ndodo ziwiri zogwira m'zigongono zimathandiza bwino. Choyendera cha miyendo inayi ndi cha amene akudzandira kapena wangochitidwa opaleshoni.

Nanga mankhwala, jakisoni ndi kuchepetsa thupi?

Mankhwala amene amathandizadi ndi ochepetsa kutupa, monga bulufeni ndi dikilofenaki. Vuto lawo ndi lakuti amatha kuyambitsa zilonda za m'mimba, kuwononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Ndi omwa pa mlingo wochepa, kwa masiku ochepa pamene ululu wakula, osati tsiku ndi tsiku kwa zaka. Ngati muli ndi vuto la impso, mtima, zilonda za m'mimba, kapena mumamwa mankhwala osungunula magazi, funsani kaye. Musaphatikize mitundu iwiri ya gulu limeneli. Chimbudzi chakuda bii ngati phula ndi chizindikiro cha magazi m'mimba, siyani mankhwalawo mupite kuchipatala.

Panado amathandiza pang'ono chabe. Opaka amagwira bwino pabondo koma nyung'unyu ili mkati kwambiri. Amphamvu a gulu la mofini, monga tilamadolo, phindu lawo pa nyamakazi ndi lochepa ndipo amazolowereka, choncho si oyenera kudalira. Mapilisi ogulitsidwa ndi lonjezo lomeretsa chicherewecherewe, monga gulukosamini, akayesedwa mosamala sasiyana kwenikweni ndi mapilisi opanda mankhwala.

Jakisoni wa sitelodi wa mu nyung'unyu amabayidwa dokotala akuona pa makina, ndipo amachepetsa ululu kwa milungu ingapo, mwina miyezi iwiri. Ndi wabwino potsegula mpata woyambira mafizo. Sabwerezedwa pafupipafupi, ndipo madokotala amapewa kuchita opaleshoni pasanathe miyezi itatu chibayireni, poopa kuti bala lingalowe tizilombo.

Za thupi, masamu aja akukwanira. Kilogalamu imodzi yochoka pathupi imachotsa pafupifupi makilogalamu atatu pa nyung'unyu pa phazi lililonse.

Ndiye opaleshoni yoika nyung'unyu yatsopano imaganiziridwa liti?

Pamene zinthu zitatu zakumana. Ululu ndi kuuma zikukulandani zinthu zofunika pa moyo wanu, monga tulo, ntchito, kudziveka nokha kapena kuyenda mtunda waufupi. Mwayesa mafizo enieni, ndodo ndi mankhwala kwa miyezi itatu kapena kuposa osaona kusintha. Ndipo chithunzi chikugwirizana ndi zimene mukumva.

Mwa zonsezi, ine ndimalemekeza kwambiri ululu wa usiku ndi wa pamene mwangokhala. Munthu amene amadzuka katatu usiku uliwonse, amene wasiya ntchito kapena sakuthanso kufika kuphazi lake, sapindula kanthu popirira. Kafukufuku wa ku Denmark wa mu 2024 anayerekeza opaleshoni ndi mafizo amphamvu mwa anthu a nyamakazi yofika poipa, ndipo patatha miyezi 6 a opaleshoni anali bwino kwambiri kuposa anzawo. Mafizo ali ndi malire ake, ndipo kuwakakamira pamenepa n'kungotaya nthawi. Kudikira mpaka kufika pa njinga ya olumala kulinso ndi mtengo wake: minofu imakhala itatha, ndipo munthu amene walowa m'chipinda cha opaleshoni ali wofooka kwambiri kawirikawiri safika pamene akanafika.

Kumbali inayi, ngati ululu umangobwera mukayenda ulendo wautali ndipo mumagona bwino, nthawi sinakwane, kaya chithunzi chikuoneka bwanji.

Akuti ndidikire chifukwa ndine wamng'ono. Kodi chitsulocho chimatha?

Chimatha, koma mochedwa kuposa mmene ambiri amaganizira. Opaleshoni yamakonoyi inakhazikika ndi ntchito ya dokotala John Charnley ku Wrightington, m'dziko la England, mu 1962, ndipo kuyambira pamenepo vuto lalikulu lakhala kuperepeseka kwa pulasitiki imene amaika m'kadzenje. Tizidutswa take timachititsa kuti fupa lozungulira lidyeke mpaka chitsulo kukhwepa. Kafukufuku wamkulu wa mu 2019, wochokera m'kaundula wa odwala ambirimbiri, anapeza kuti pafupifupi 89 mwa 100 zimakhala zikugwirabe ntchito patatha zaka 15, ndipo pafupifupi 58 mwa 100 patatha zaka 25. Zambiri mwa zimenezo zinaikidwa kale, pulasitiki yolimba ya masiku ano isanafale.

Apa ndi pamene msinkhu umalowera. Wa zaka 75 mwina sadzafunanso opaleshoni yachiwiri. Wa zaka 52 ali ndi zaka 30 kutsogolo ndipo amagwiritsa ntchito mwendowo mwamphamvu. Kwa amuna oikidwa ali ndi zaka za m'ma 50 koyambirira, pafupifupi mmodzi mwa atatu amadzabwereranso kukasinthitsa, ndipo kwa akazi chiwerengerocho n'chotsikirapo. Opaleshoni yachiwiri ndi yaitali, imapeza fupa lochepa, ndipo zotsatira zake sizifika pa yoyamba.

Choncho ngati mafizo ndi ndodo zingakusungeni bwino zaka zitatu kapena zisanu, zitengeni. Koma msinkhu pawokha si chifukwa chokanira munthu amene akuvutika. Kutaya zaka zanu za mphamvu muli pampando kuti musunge chitsulo cha muukalamba si malonda abwino.

Amachita chiyani kwenikweni, ndipo chingalakwike n'chiyani?

Amadula mutu wowonongeka wa fupa la ntchafu, n'kulowetsa mtengo wachitsulo m'kati mwa fupalo, pamwamba pake n'kuika mutu watsopano wachitsulo kapena wa selamiki, chinthu cholimba chonga cha mbale zadothi. Kadzenje ka m'chiuno amakapala n'kuikamo kabakuli kokhala ndi pulasitiki kapena selamiki mkati. Ena amamatira ndi simenti ya mafupa, ena amaika chitsulo chokhakhala chimene fupa limamera n'kuchigwira, ndipo njira yachiwiriyi imakonda kugwiritsidwa ntchito kwa achinyamatako a mafupa olimba. Zimatenga ola limodzi kapena awiri, nthawi zambiri atakubayani pamsana kuti miyendo ichite dzanzi.

Anthu 9 mwa 10 amakhutira, ndipo ululu wa m'mphechepeche uja kawirikawiri umatha msanga. Zoopsa zake ndi izi. Tizilombo kulowa mkati, mwa munthu mmodzi pa 100 kapena kuzungulira pamenepo, ndipo zikachitika chithandizo chake chimakhala chachitali. Mutu watsopano kuguluka m'kabakuli, makamaka miyezi itatu yoyamba. Magazi kuundana m'mitsempha ya mwendo, n'chifukwa chake amapereka mankhwala osungunula magazi kwa milungu ingapo. Miyendo kusiyana kutalika, nthawi zambiri ndi mamilimita ochepa. Kuthyoka kwa fupa kapena kuvulala kwa mtsempha kumachitika koma mwa apo ndi apo.

Zina mwa zoopsazi mukhoza kuzichepetsa musanapite: kusiya fodya milungu ingapo isanachitike, kutsitsa shuga ngati muli ndi matenda a shuga, ndi kuchiza dzino lowola kapena chilonda chilichonse cha pakhungu.

Ndidzabwerera liti ku ntchito, ndipo ndi ziti zimene sindidzachitanso?

Amakuimiritsani tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo ambiri amatuluka m'chipatala pasanathe masiku atatu. Ndodo ziwiri zimakhala za milungu iwiri mpaka isanu ndi umodzi, kenako imodzi, yogwira mbali yabwino monga kale. Kuyendetsa galimoto ndi ntchito ya pampando zimayambika pafupifupi pa milungu 6, ntchito yonyamula ndi kuimirira tsiku lonse pa miyezi itatu kapena kuposa. Mphamvu zimapitiriza kubwerera mpaka chaka, ndipo mafizo anayi aja amabweranso.

Malamulo a milungu yoyamba amadalira mbali imene dokotala anadulira. Akadulira kumbuyo, ambiri amaletsa kupinda nyung'unyu kupitirira madigiri 90, kupingasa miyendo, ndi kupotolera phazi mkati. Zikutanthauza kupewa mpando wotsika, kukweza chimbudzi chokhalira, ndi kugona ndi pilo pakati pa mawondo. Ngati kwanu mumagwiritsa ntchito chimbudzi chonyonyomala kapena ntchito yanu ndi yogwada pansi, nenani opaleshoni isanachitike kuti mukonzekere, chifukwa kunyonyomala mpaka pansi ndi kumene madokotala ambiri amakayikira ngakhale mutachira. Kuyenda, njinga ndi kusambira n'zololedwa. Kuthamanga mitunda yaitali ndi masewera odumpha kapena ogundana ambiri amalangiza kuti musiye.

Mukafika kunyumba, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo ngati bala likutulutsa madzi kapena mafinya, likufiira n'kumatentha, kapena thupi latentha. Ngati katumba watupa ndi kuwawa. Ngati mwendo wafupika mwadzidzidzi n'kupotoka ndipo simungathe kuponda. Kubanika kapena kupweteka pachifuwa kwadzidzidzi ndi kothamangira nako kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa magazi oundana angakhale atafika m'mapapo.